Zinthu Zikayendera Limodzi Sindiye Kuti China Chabala Chinzake

 Ndapemphedwa kuti ndilankhulepo pa za ziwerengero zimene timamva pa wailesi ndi m'misonkhano. Mlendo akabwera ndi pepala nanena kuti kafukufuku waonetsa zakutizakuti, ambirife timangovomera, poganiza kuti nambala sizinama. Nzoona kuti nambala zowerengedwa bwino sizinama, koma tanthauzo limene munthu amaikapo pa nambalazo likhoza kusokeretsa mudzi wonse, ngakhale dziko. Mfundo yanga lero ndi imodzi yokha: kuona kuti zinthu ziwiri zimapezeka pamodzi sikutitsimikizira kuti chimodzi ndicho chikuyambitsa chinzake.

Ndiyambe ndi chimene tonse timachidziwa. Mango akamapsa m'mbali mwa nyanja muno, mvula imakhala ikuyamba, ndipo pasanapite nthawi ana amadzaza m'zipatala chifukwa cha malungo. Chaka ndi chaka zimatero. Munthu amene angawerenge madengu a mango pa msika ndi ana odwala malungo m'miyezi yotsatira angapeze kuti ziwirizi zimatsatana ndithu, ndipo sangakhale atalakwitsa powerenga. Angalakwitse pokhapokha atalamula kuti mitengo ya mango idulidwe. Pali chinthu chachitatu chimene chaima kumbuyo kwa zonse ziwiri, ndicho nyengo. Nyengo yomweyo imene mango amapsa ndiyo imabweretsa mvula, mvula isiya zithaphwi, m'zithaphwimo udzudzu uswana. Kuyambira mu 1897, pamene dokotala wina dzina lake Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, nkhaniyi inadziwika gwero lake.

Za mangozi nzosavuta chifukwa yankho tikulidziwa kale. Tsono ndikufuna tione nkhani ina imene inavuta ngakhale anthu ophunzira kwambiri, ndipo inakhudza boma lathu lino la Mangochi. Iyi ndi nkhani ya mdulidwe wa abambo ndi kachirombo koyambitsa Edzi. Mundikhululukire akuluakulu potchula zinthu zimene mwamwambo sititchula pagulu. Ndi nkhani ya moyo wa ana athu.

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ofufuza anaona kuti m'madera ambiri a mu Afirika kumene amuna ambiri ndi odulidwa, kachiromboka sikanafalikire kwambiri ngati kumene amuna sadulidwa. Ena anayamba kunena kuti mdulidwe umateteza. Koma mu 2004 kuno ku Malawi kunachitika kafukufuku wamkulu wa zaumoyo, woyenda khomo ndi khomo m'dziko lonse, ndipo anthu amene anavomera anayezedwa magazi. Zotsatira zake zinaoneka ngati zikutsutsa zonsezo. Mwa amuna 100 alionse amene anati ndi odulidwa, pafupifupi 13 anapezeka ndi kachirombo. Mwa amuna 100 alionse amene anati ndi osadulidwa, amene anapezeka nako sanafike 10. Anthu anayamba kufunsa kuti, ngati mdulidwe umateteza, bwanji ku Mangochi ndi ku Machinga, kumene anyamata ambiri amapita ku jando, matendawa ali ochuluka chotere?

Funso limeneli silinali lopusa ai. Koma taonani pamene tinafika. Tinali ndi ziwerengero ziwiri, zonse zoona. China chimati kumene kuli mdulidwe matenda ndi ochepa, china chimati odulidwa ndiwo ali ndi matenda ambiri. Zonse ziwiri zinapezeka pongoyang'ana anthu monga mmene akukhalira, popanda wofufuza kusinthapo kanthu. Ziwiri zonse sizingakhale zikutiuza gwero, chifukwa zikutsutsana. Apa ndiye poonekera kuti kungoyang'ana kuli ndi malire ake.

Tiyeni tifunse: amuna odulidwa a mu 2004 aja anali ndani, ndipo amakhala kuti? Ambiri a iwo anali a m'chigawo cha kummwera, makamaka Ayao ndi Alomwe ena. Kumpoto ndi pakati odulidwa anali ochepa. Ndipo kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti kachiromboka kanali kofala kwambiri kummwera, kwa amuna ndi akazi omwe. Kummwera anthu pafupifupi 18 mwa 100 alionse a zaka zapakati pa 15 ndi 49 anali nako, kumpoto pafupifupi 8, ndipo m'chigawo chapakati sanafike 7. Choncho poyerekeza odulidwa ndi osadulidwa m'dziko lonse, mosadziwa tinali kuyerekezanso anthu a kummwera ndi anthu a zigawo zina. Chigawo chimene munthu amakhala chinali ngati nyengo ija ya mango: chinaima kumbuyo kwa zonse ziwiri.

Kuti muone mmene zimenezi zimatembenuzira nkhani, ndikupatseni chitsanzo chongopeka, cha nambala zosavuta, osati za kafukufuku aliyense. Tiyerekeze madera awiri, lililonse la amuna 1,000. M'dera loyamba matenda ndi ofala, ndipo amuna 800 ndi odulidwa, 200 osadulidwa. Tinene kuti mwa odulidwawo 10 pa 100 alionse ali ndi kachirombo, ndiye kuti anthu 80. Mwa osadulidwa 20 pa 100 alionse, ndiye kuti anthu 40. M'dera lachiwiri matenda ndi ochepa, ndipo odulidwa ndi 200 okha, osadulidwa 800. Mwa odulidwa 2 pa 100 alionse ali nako, ndiye anthu 4. Mwa osadulidwa 4 pa 100 alionse, ndiye anthu 32. Mwaona kuti m'dera lililonse, wodulidwa ali ndi theka chabe la chiopsezo cha mnzake wosadulidwa. Tsono phatikizani madera awiriwo. Odulidwa onse alipo 1,000, ndipo amene ali ndi kachirombo ndi 80 kuphatikiza 4, ndiye 84. Osadulidwa onse aliponso 1,000, ndipo amene ali nako ndi 40 kuphatikiza 32, ndiye 72. Pa pepala la dziko lonse, odulidwa aoneka ngati ndiwo ali pa ngozi yaikulu, chonsecho m'mudzi uliwonse zinthu zili mosemphana. Palibe amene wanama, palibe amene walakwitsa samu. Vuto ndi lakuti odulidwa ambiri amakhala kumene matenda ndi ofala kale.

Wina anganene kuti, basitu, tiyeni tiwerenge chigawo chilichonse pachokha, nkhani ithe. Ofufuza amachitadi zimenezo, ndipo zimathandiza. Koma njira imeneyo imangochotsa chinthu chachitatu chimene tachiganizira ndi kuchilemba. Zina zimatsalira. Kuno kunyanja tikudziwa mmene asodzi amayendera, lero ku Makawa, mawa ku Msaka, mwezi wamawa kutsidya ku Makanjira, ndalama zili m'thumba, banja lili kutali. Tikudziwa mmene anyamata athu amapitira ku Joni nakhala zaka asanabwerere. Zonsezi zimakhudza kufala kwa kachirombo, ndipo sizigawanika mofanana pakati pa odulidwa ndi osadulidwa.

Palinso vuto la kayezedwe. Mu kafukufuku uja munthu amangofunsidwa ngati ndi wodulidwa, ndipo yankho lake ndilo limalembedwa. Koma mau akuti mdulidwe satanthauza chinthu chimodzi paliponse. Angaliba sachita mofanana onse: ena amachotsa khungu lonse, ena mbali chabe. Choncho m'gulu la odulidwa munali anthu osiyanasiyana. Pomaliza pali vuto la nthawi. Kafukufuku wa tsiku limodzi ali ngati chithunzi: amaonetsa kuti munthu ndi wodulidwa ndipo ali ndi kachirombo, koma sanena chimene chinayamba. Munthu wamkulu amene anadulidwa kuchipatala chifukwa anali kuvutika kale ndi matenda a kumaliseche angakhale atatenga kachiromboka mpeni usanamukhudze. Kwa iyeyo matenda ndiwo anabweretsa mdulidwe.

Nanga nkhaniyi inatha bwanji? Inatha ndi maere. Ku Orange Farm, pafupi ndi Joni, ofufuza anasonkhanitsa anyamata oposa 3,000 a zaka zapakati pa 18 ndi 24, osadulidwa, amene onse anali okonzeka kudulidwa. Anawagawa pawiri mwa maere. Gulu loyamba linadulidwa nthawi yomweyo kuchipatala, gulu lachiwiri linauzidwa kuti lidikire. Onse analangizidwa za kudziteteza, ndipo ankabwera kudzayezedwa magazi nthawi ndi nthawi. Zotsatira zinatuluka mu 2005: mwa odulidwa, 20 anatenga kachirombo; mwa odikira, 49. Kafukufuku wina wotere anachitika ku Kisumu m'dziko la Kenya ndi ku Rakai m'dziko la Uganda, ndipo onse awiri anaimitsidwa nthawi isanakwane mu Disembala 2006, chifukwa phindu linaoneka poyera kotero kuti sikunali chilungamo kupitiriza kudikiritsa enawo. Mu Malichi 2007 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse linavomereza mdulidwe wa kuchipatala ngati njira imodzi yochepetsera kufala kwa kachiromboka, ndipo pofika 2012 boma la Malawi linali litayamba ntchitoyi.

Mphamvu ya maere ili pati? Maere sadziwa mtundu wa munthu, sadziwa chipembedzo chake, sadziwa ngati ndi woyendayenda kapena wokhazikika. Anthu akakhala ambiri, oyendayenda amagwera mbali zonse ziwiri pafupifupi mofanana, odziletsa chimodzimodzi, ngakhale makhalidwe amene ofufuza sanawaganizire nkomwe. Magulu awiriwo amasiyana pa chinthu chimodzi chokha, chimene ofufuza achita. Komanso nthawi imadziwika: mdulidwe unayamba, kenaka nkuwerenga amene atenga kachirombo pambuyo pake. Ndiye kusiyana kukaoneka, ndipo kukakhala kwakukulu koposa kumene mwayi wokha ungabweretse, timadziwa kumene kwachokera.

Koma tisapitirire pamene maerewo anafika. Anaonetsa kuti mdulidwe wathunthu umachepetsa chiopsezo cha mwamuna kutenga kachirombo kwa mkazi ndi magawo pafupifupi 60 pa 100. Anthu 20 aja anali odulidwa, koma anakatengabe. Sanaonetse kuti mkazi amatetezedwa mwamuna wake akadulidwa ali nako kale, ndipo munthu woyamba kugonana bala lisanapole, isanathe milungu isanu ndi umodzi, amadziika pa ngozi iye ndi mnzake yemwe.

Tsopano nditembenukire ku sukulu, pakuti aphunzitsi muli pano ambiri. Mau amene timawamva kawirikawiri ndi akuti mtsikana akakhala pa sukulu sakwatiwa msanga ndipo satenga mimba msanga. Mukawerenga m'midzi ya kwa Mponda, kwa Chimwala kapena kwa Nankumba, mudzapezadi kuti atsikana amene ali pa sukulu ambiri ndi osakwatiwa, ndipo amene anasiya ambiri ali pa banja. Koma tifunse mafunso omwe aja. Kodi anakwatiwa chifukwa anasiya sukulu, kapena anasiya sukulu chifukwa anatenga mimba? Nkhani ikhoza kuyenda mbali zonse ziwiri. Ndipo kodi palibe chachitatu? Banja limene lili ndi chakudya chokwanira, sopo ndi ndalama ya yunifolomu limatha kusunga mwana pa sukulu, ndipo banja lomwelo silikhala ndi changu chomukwatitsa. Umphawi ukhoza kubala zonse ziwiri, kusiya sukulu ndi ukwati wamsanga.

Funso limeneli linayesedwa pafupi pompano, m'boma la Zomba, mu 2008 ndi 2009. Ofufuza atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anatenga madera 176 nawagawa mwa maere. Anatsata atsikana osakwatiwa a zaka zapakati pa 13 ndi 22. Pakati pa atsikana amene anali pa sukulu, m'madera ena mtsikana ndi makolo ake ankalandira ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi pokhapokha ngati mwanayo akupita ku sukulu mosajomba. M'madera ena ankalandira ndalamazo popanda lamulo lililonse. M'madera otsala sankalandira kanthu, kuti pakhale poyerekezera.

Tikadatsata nzeru ya kungoyang'ana ija, tikadayembekezera kuti gulu limene lasunga atsikana ambiri pa sukulu ndilo likhalenso ndi maukwati ndi mimba zochepa. Sizinatero. Ndalama za lamulo zinaposadi zinzake posunga atsikana m'kalasi, ndipo atsikana ake anakhoza bwinoko pa mayeso a kuwerenga Chingerezi. Koma maukwati ndi mimba zinatsika kwambiri m'gulu la ndalama zopanda lamulo. Chifukwa chake chinapezeka kwa atsikana amene anasiyabe sukulu. M'gulu la lamulo, mtsikana akasiya sukulu ndalama zimadulidwa, ndipo ambiri otere amakwatiwa. M'gulu linalo, ngakhale atasiya sukulu ndalama zimabwerabe, ndipo ambiri anakhala kwa makolo ao osathamangira banja. Ofufuzawo atabwereranso patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya kuperekedwa, anapeza kuti phindu la gulu lopanda lamulo lija pa maukwati ndi mimba linali litazilala.

Musandimve ngati ndikunena kuti sukulu ilibe ntchito. Chimene Zomba inationetsa nchakuti mbali ina ya kusiyana kumene timaona pakati pa mtsikana wa pa sukulu ndi mnzake wapabanja imachokera ku kusowa kwa pakhomo. Mfumu imene ilipitsa mbuzi kholo la mwana wosiya sukulu, koma osafunsa chimene chili m'nkhokwe ya khololo, ikhoza kukhala ikudula mtengo wa mango.

Aphunzitsi mukudziwanso msampha wina umene uli pafupi ndi umenewu. Zotsatira za mayeso a Folomu 4 zikatuluka, sukulu zogonera komweko zimaposa sukulu zoyendera za m'midzi, ndipo anthu amati aphunzitsi a kumudzi ndi aulesi. Koma ana amene amapita ku sukulu zogonera za boma anasankhidwa kale chifukwa anakhoza kwambiri mu Sitandade 8. Mpikisano unayamba ena ali kale patsogolo. Mabuku ndi zipangizo zikhoza kuthandizadi, koma kuti tidziwe kukula kwa thandizolo tiyenera kuyerekeza ana amene analowa Folomu 1 ali ndi mphamvu zofanana, osati kungoyang'ana pothera.

Mwina wina afunsa kuti, kodi popanda maere sitingadziwe kanthu? Tingadziwe, koma pamafunika umboni wochokera mbali zambiri. Palibe amene anachititsa maere kuti ena asute fodya zaka makumi awiri. Komabe kuyambira mu 1950, pamene Richard Doll ndi Bradford Hill ku Mangalande anafalitsa zimene anapeza pa odwala khansa ya m'mapapo, umboni unaunjikana. Anatsata madokotala zikwizikwi kwa zaka zambiri, ndipo kusuta kunali kuyamba, matenda nkubwera pambuyo. Wosuta kwambiri anali pa ngozi yoposa wosuta pang'ono. Wosiya kusuta ngozi yake inkatsika. Kusiyana pakati pa osuta ndi osasuta kunali kwakukulu zedi, kotero kuti chinthu chachitatu chobisika sichikadatha kukufotokoza. Ndipo mu utsi wa fodyamo munapezeka mankhwala oyambitsa khansa. Yerekezani zimenezi ndi 13 ndi 10 uja wa mu 2004, kusiyana kochepa, kochokera pa chithunzi cha tsiku limodzi, pakati pa anthu okhala m'zigawo zosiyana.

Choncho amai ndi abambo, mlendo akadzabweranso ndi pepala la ziwerengero ku komiti ya sukulu kapena ya zaumoyo, mulandireni bwino, mumvetsereni, kenaka mumufunse mwaulemu. Mufunseni kuti anthu amene akuwayerekezawo analowa bwanji m'magulu ao: anadzisankha okha, anasankhidwa ndi wina, kapena anagawidwa mwa maere? Mufunseni kuti chinayamba nchiyani pa ziwirizo, ndipo akudziwa bwanji. Mufunseni kuti magulu awiriwo akusiyananso pa chiyani, kaya ndi kumene amakhala, kaya chuma, kaya msinkhu. Ndipo mufunseni ngati chinthucho chinayezedwa kapena anthu anangofunsidwa pakamwa. Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso amenewa, chifukwa ndi omwewo amene amamusowetsa tulo. Ndalama za mankhwala ndi za sukulu ndi zochepa m'boma lathu lino, ndipo zikapita pa chinthu chimene chimangoyendera limodzi ndi vuto, gwero lenileni limatsala pomwepo.